Nyale za sola 10,000 ku Mchinji? Dikirani kaye tiwerengere limodzi

"Achimwene, ndapeza munthu woti akhoza kumanditumizira nyale za sola zabwino ndithu, zowala usiku onse komanso zotchaja foni, ndiye ndikufuna ndizikagulitsa pa K25,000 imodzi kwathu ku Mchinji. Akuti ndikaoda 10,000 pakamodzi anditsitsira mtengo. Ine ndawerengera kuti mabanja akumudzi m'Malawi muno akuposa 3 miliyoni ndipo ambiri alibe magetsi, ndiye ngakhale atagula 10 pa 100 okha ndi nyale 300,000 zimenezo. Masamu amenewa ali bho? Msika wake ndingaudziwe bwanji ndisanatenge ngongole?"

Achimwene, masamuwo ngati masamu sanalakwike, koma cholembera cha ngongolecho bayikani kaye pansi. Funso langa ndi limodzi, 10 pa 100 ameneyo mwamutenga kuti? Ndikufunsa chifukwa ineyo ndinamutchulapo zaka zapitazo, ndipo ndikudziwa komwe ndinamutenga, m'mutu mwangamu. Amamveka wochepa, munthu umadziona ngati ukudzichepetsa, eti 10 yekha basi, pomwe palibe ndi munthu mmodzi yemwe amene watulutsa ndalama pa mpango kukupatsa.

Nambala ya mabanja ija ndiye simunaname. Kalembera wa 2018 wa a NSO, ofesi ya boma yowerenga anthu ku Zomba, anapeza anthu 17.5 miliyoni, mabanja pafupifupi 4 miliyoni, ndipo anthu 84 pa 100 alionse anali akumudzi. Kalembera yemweyo anafunsanso kuti usiku mumaunikira chani, ndipo yankho lake ndi limene muyenera kuliyang'anitsitsa kuposa chiwerengero cha anthucho. Mabanja oposa theka anati tochi ya mabatire. Magetsi anali cha m'ma 11 pa 100 dziko lonse, ambiri mwa iwo m'tauni, sola inali pakati pa 6 ndi 7 pa 100, kenako makandulo, ena nkhuni ndi miyuni ya udzu. Parafini anali atatsikiratu pansi. Ndikunena izi chifukwa mukawerenga zolemba zakale za nyale za sola zonse zimakamba za koloboyi, utsi, chifuwa, ndalama za parafini, koma kwathu kuno koloboyi anagonja kalekale kwa katochi ka ku China. Mdani wanu ndi tochi, ndipo masiku ano ndi tochi ya pa foni yomwe, imene munthu saigulira batire iliyonse.

Tsopano tichoke pa dziko lonse, chifukwa inu simukagulitsa ku Chitipa kapena ku Nsanje. Mchinji mu 2018 inali ndi anthu 602,305. Banja limodzi m'dziko muno linali ndi anthu 4.4 tikatengera pakatikati, ndiye mukagawa mupeza mabanja cha m'ma 137,000. Anthu akhala akuchulukana pafupifupi 2.9 pa 100 chaka chilichonse, ndiye lero tinene kuti mabanja 160,000 kapena kuposerapo pang'ono, sindilimbana nanu pamenepo. Muziwerenga mabanja osati anthu, nyale imagulidwa ndi khomo, mwana wa Sitandade 3 sagula yake. Mwaonatu, 3 miliyoni ija yatsala 160,000 tisanayambe n'komwe, ndipo nambala imeneyi ntchito yake ndi imodzi yokha, kukuuzani denga limene simungalibowole. Sikukuuzani kuti mugulitsa zingati.

Chachiwiri chimene anthu amachidumpha ndi miyendo. Nyale siyenda yokha kupita m'midzi. Muli ndi ndani wokagulitsa, ndipo afika pati? Tiyerekeze kuti muli ndi njinga yamoto imodzi ndi anyamata atatu, wina pa Kamwendo, wina pa Mkanda, wina pa Kapiri. Msika wanu ndi midzi imene anthu ake amabwera pa misika itatuyi pa tsiku la msika, wapansi kapena pa kabaza, kuphatikiza midzi imene anyamatawo angafike pa njinga n'kubwerako tsiku lomwelo. Kwina konseko, ngakhale kuli mdima wa ndiweyani, si msika wanu chaka chino. Manambala a midzi imeneyi alipo ndipo ndi aulere. A HSA a pa chipatala chaching'ono amadziwa mabanja a m'dera lawo mudzi ndi mudzi, magulupu ali ndi mabuku a anthu awo, alangizi a zaulimi nawonso ali ndi kaundula. Kungoti muzifananiza awiri, chifukwa kaundula wolembedwa nthawi ya makuponi a feteleza amafufuma ngati mandasi, khomo limodzi limasanduka mabanja atatu, mnyamata wa m'gowelo naye walembedwa ngati banja. Ine ndimakhulupirira kwambiri buku la a zaumoyo. Ndiye tiyerekeze, ndipo kuyambira pano manambala onse ndi ongoyerekeza kuti muone njira yake, inu mukaikemo anu, kuti msika ulionse wapezeka ndi mabanja 6,000. Yonse itatu ndi 18,000.

Mu 18,000 amenewa muli ena oti nkhani yanu siikuwakhudza. Ali pa tauni penipeni pomwe panafika mawaya a ESCOM kudzera ku MAREP, ntchito ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, ena anagula kale sola yaikulu yolipira pang'onopang'ono pa foni ku makampani ngati Yellow, Zuwa kapena Vitalite, ena ali ndi kapanelo kogula pa msika kolumikiza ku batire ya njinga yamoto, ena analandira nyale yaulere ku bungwe. Apa kalembera wa 2018 musamudalire ngakhale pang'ono, sola yafalikira kwambiri chichitikireni kalembera ameneyo, a SunnyMoney akhala akugulitsa nyale kudzera m'masukulu kwa zaka zambiri, ndipo boma ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse anakhazikitsa thumba la Ngwee Ngwee Ngwee lothandiza makampani a sola kufika kumidzi. Njira yake ndi imodzi basi, kupita kukaona ndi maso.

Ndipo kuonako kuli ndi kachitidwe kake, apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri timadzinamiza.

Sankhani midzi isanu kapena isanu ndi umodzi, ina ya m'mbali mwa msewu, ina yakutali koti galimoto silifika nthawi ya dzinja. Kaonekereni kwa amfumu monga mwa mwambo, koma musalole kuti akusankhireni makomo, chifukwa nyakwawa idzakutengerani kwa anthu ooneka bwino kuti mudzi usachite manyazi, kapena kwa ovutikitsitsa poganiza kuti mwabwera kudzalemba maina a thandizo. Zonse ziwiri zikupotozerani masamu. Inu yambirani pa mjigo, muziwerenga makomo, lachisanu lililonse lowani, likhale la malata kapena la udzu, kufikira mutakwanitsa makomo 100. Pitani chakumadzulo dzuwa likupendeka, nthawi imene amayi ali pakhomo akukonza za nsima, chifukwa amene amadziwa kuti mabatire atha liti nthawi zambiri ndi amayi, abambo angokuuzani nambala yoti amveke bwino. Ndipo nenani poyambirira penipeni kuti sindine wa bungwe, sindikulemba maina, ndine wa geni. Mukapanda kutero mudzi onse usanduka wopanda tochi.

Musafunse kuti kodi nyale ya sola mungaifune. Ameneyo si funso, aliyense akuifuna, ngakhale ine ndikufuna galimoto. Funsani kuti dzulo usiku munaunikira chani, tandionetsani. Chigwireni m'manja. Munagula liti, ndalama zingati, kuti? Mabatire omaliza munagula liti, nanga ena aja asanafike amenewa? Foni ilipo pakhomo pano, mumatchajitsa kuti, kangati pa sabata, amakulipiritsani zingati? Funso lina limene ndimalikonda, chaka chathachi chinthu chodula kwambiri chimene munagula pakamodzi ndi chani, ndipo unali mwezi wanji? Wina akuuzani wailesi, wina matayala a njinga, wina malata awiri, wina akuuzani kuti ndowa ya pulasitiki. Wa ndowayo sakupatsani K25,000, osati chifukwa sakufuna kuwala ayi, koma ndalama yotero siinayambe yakhalapo m'nyumbamo pakamodzi popanda pokapita. Yang'ananinso pa denga ndi pa thandala ngati pali kapanelo, ndipo mukapeza nyale ya sola yakufa ili pa zenera funsani nkhani yake, chifukwa khomo limene linapsa kale ndi sola ya feki ndi lovuta kuligulitsa kuposa limene silinaionepo.

Tinene kuti pa makomo 100 mwapeza 20 ali kale ndi magetsi kapena sola yogwira ntchito. Ndiye pa 18,000 paja patsala 14,400. Koma dziwani kuti makomo 100 ndi ochepa, 20 ameneyo zoona zake akhoza kukhala 12 kapena 28, ndiye musamamulembe ngati vesi. Ndi wongokuthandizani kudziwa ngati tikukamba za khomo limodzi pa asanu kapena theka la mudzi.

Kenako nkhani ya thumba. Kafukufuku wa NSO wa m'mabanja wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti anthu oposa theka m'dziko muno ndi osauka, ndipo kumudzi chiwerengerocho n'chokwererapo. Koma ine sindigwiritsa ntchito nambala imeneyi pochotsera, ndimagwiritsa ntchito zija mwamva pa makomo. Tiyerekeze khomo lina limawononga K1,500 pa mwezi pa mabatire, ndipo limatchajitsa foni kasanu ndi katatu pa mwezi pa K200, ndi K1,600 imeneyo. Zonse pamodzi K3,100. Nyale yanu ya K25,000 ibweza ndalama yake pakatha miyezi isanu ndi itatu. Pa pepala ndi zokoma kwambiri, ndipo ogulitsa sola tonse timaikonda nyimbo imeneyi. Koma taganizani, K200 imapezeka, munthu wagulitsa tomato mulu umodzi kapena wakalima ganyu, pomwe K25,000 pakamodzi ikulimbana ndi feteleza, fizi, mbewu, chigayo, matenda. Ndipo pali makomo ambiri amene mabatire akatha amangokhala, amadya kusanade n'kugona, mwezi ukawala ndiye bwino. Khomo loterolo silikupulumutsa kanthu pogula nyale yanu chifukwa panalibe chimene limawononga. Ndiye pa makomo munayenda aja werengani okhawo amene ali ndi foni, amagula mabatire mosadumphitsa, ndipo anagulapo chinthu cha mtengo wofanana ndi nyale yanu chaka chathachi. Tinene kuti ndi limodzi pa anayi alionse. Limodzi pa anayi a 14,400 ndi 3,600.

Amenewo ndiye anthu oti akhoza kugula. Akhoza. Sindinati agula.

Mukafuna kutsimikiza ngati anthu sanakunamizeni, pitani kwa a magolosale ndi maokala a m'midzi yomweyo, mugule fanta mukhale pansi mucheze. Mabatire amaoda mabokosi angati pa mwezi? Ma tochi amatuluka angati? Pitaninso kwa mnyamata wa pa shedi yometera amene amatchaja mafoni, muwerenge mafoni ali pa thebulo. Ngati makomo akuti timagula mabatire sabata iliyonse koma wa okala akuti bokosi limodzi limatha mwezi, wina akunama, ndipo kawirikawiri si wa okalayo.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinandichitikira, mwina muleka kuseka 10 pa 100 wanga uja. Ndinapita m'mudzi wina ndi nyale zitatu zachitsanzo, amfumu anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo, kutayamba kuda ndinayatsa, anthu m'manja phwaphwaphwa, ana kukuwa. Ndinafunsa kuti ogula ndani, manja m'mwamba pafupifupi onse, mpaka tinalemba maina pa kope. Ndinabwerera ndi makatoni, nyale 200. Zinatuluka 23. Ena anati bwerani tikakolola, ena anati timayesa ndi za ulere poti munalemba maina, ena anangozemba osaonekanso. Panalibe wabodza pamenepo, ndi ulemu chabe, mlendo wabwera ndi chinthu chake pamaso pa amfumu ungamuuze bwanji kuti sindigula? Komanso ndinapita mu Febuluwale, anthu akudya kamodzi pa tsiku. Uchitsiru unali wanga.

Ndiye muyeso weniweni ndi umodzi, kugulitsa. Musaode 10,000, pezani nyale 50 kapena 100 ngakhale pa mtengo wokwera, ngakhale phindu lisakhalepo, imeneyo ndi fizi ya sukulu. Sankhani midzi itatu imene mukudziwa chiwerengero cha mabanja ake, tinene onse pamodzi 300, ndipo ikhale midzi wamba, osati kwanu kumene azakhali ndi atsibweni agule pokumverani chisoni. Gulitsani pa mtengo weniweniwo wa K25,000, kashi, kwa masabata asanu ndi atatu, ndipo wogulitsa akhale mnyamata yemwe uja adzagulitse mtsogolo, osati inuyo bwana wochokera ku tauni. Lembani tsiku lililonse, wagula ndani, mudzi uti, amachita chani. Tinene kuti zatuluka 18. Ndiye kuti 6 pa 100 alionse. Mukaika 6 pa 100 pa mabanja onse 18,000 mupeza 1,080. Chenjerani apa, 6 ameneyu mumuike pa 18,000 osati pa 3,600, chifukwa m'midzi yoyeserayo munali kale osauka ndi okhala ndi sola omwe, mukachotseranso ndiye kuti mwachotsa kawiri.

Koma 1,080 nayenso ndi wonenepa. Midzi itatu ija mnyamata wanu amaipondaponda tsiku ndi tsiku, pomwe midzi ya mabanja 6,000 sangaiyendere choncho, ina adzafikako kamodzi pa chaka. Ine ndimadula pakati. Ndiye chaka choyamba mukuyang'ana nyale pakati pa 500 ndi 1,000, ndipo denga la onse oti akhoza kugula m'dera lanu ndi cha m'ma 3,600. Njira ziwirizi zikuyenera kumagwirizana, ngati kuyesa kwanu kukupatsani nambala yoposa denga ndiye kuti pena palakwika, mwina midzi yoyesera inali ya alimi a fodya okhaokha, mwina ogula ena anali ochokera kwina. Ku Mchinji zimenezi n'zosavuta kuchitika, malire ali pafupi, munthu wa ku Zambia kapena venda wofuna kukagulitsanso akhoza kutenga zisanu pakamodzi, ndalama ndi yabwino ndithu koma musaziwerengere ngati makomo asanu a m'mudzimo.

Muyang'anenso mmene 18 zija zatulukira, osati kuchuluka kokha. Ngati 15 zinapita sabata ziwiri zoyamba kwa aphunzitsi, a HSA, abusa ndi wa chigayo kenako zii, ndiye kuti mwangowengula mafuta a pamwamba, msika wathera pomwepo. Anthu a pa malipiro m'mudzi ndi owerengeka ndipo amagula chilichonse chatsopano. Koma ngati zinayamba pang'onopang'ono, ziwiri, zitatu, kenako sabata yachisanu kukubwera mayi woti ndinaiona kwa aneba ndikufuna yanga, chimenecho ndiye chizindikiro chabwino, ndipo pamenepo ndikhoza kuvomera kuti musadule pakati, mudule pang'ono. Anthu akumudzi amadikira aone ngati ya mnzawo ifike mwezi isanafe, ndipo sindiwanena, anapusitsidwa kokwanira.

Mwezi umene mukuyesera ukhoza kusintha zonse. Ku Mchinji ndalama imalowa m'midzi anthu akayamba kugulitsa soya, mtedza, chimanga ndi fodya, kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti. Ikafika Okutobala maganizo onse ali pa feteleza ndi mbewu. Januwale ndi Febuluwale musayerekeze n'komwe. Pali kadzenje kena kabwino kumapeto kwa chaka pamene magulu ambiri a banki m'khonde amagawana masheya, amayi amakhala ndi ndalama yawoyawo m'manja, ndipo nyale yoti ana aziwerengera ndi chinthu chimene amayi amachimvetsa msanga. Ndiye mukayesa mu Juni n'kupeza nyale 9 pa mwezi, musachulukitse ndi 12, chaka cha wogulitsa nyale kumudzi chili ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yeniyeni, inayo ndi yongodontha. Mukayesa mu Febuluwale ngati ine mudzathawa geni yabwinobwino.

China, msika ulibe kukula kumodzi, umakula kapena kuchepa ndi mtengo. Nyale yomweyo pa K15,000 ndi pa K25,000 ndi misika iwiri yosiyana, ndipo yolipira kanayi K7,000 K7,000 ndi msika wachitatu, waukulu kuposa yonse koma wobwera ndi mutu wake, kutolera ngongole m'midzi si masewera, makampani aja amakwanitsa chifukwa sola yawo imazima yokha munthu akapanda kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, yanuyo ikapita yapita. Ngati mungathe yesani mitengo iwiri, koma m'midzi yotalikirana kwambiri, wina ku Mkanda wina ku Kamwendo, chifukwa akamva kuti tsidya lija mukugulitsa motsika mbiri yanu yathera pomwepo. Ndipo poti katundu wanu mukuoda ndi madola, funsani masamu anu kuti kwacha ikagwa zikhala bwanji. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Zikatero nyale ya K25,000 mukaodanso ikuyenera kugulitsidwa mtengo wina, pomwe mlimi ndalama ya soya wake siikwera tsiku lomwelo, ndiye 3,600 uja amafota inu muli chigonere.

Musaiwalenso kuyenda pa msika tsiku la msika n'kuona zimene mavenda ayala pansi. Mupeza tinyale ta sola ndi ma tochi otchaja a mtengo wotsika kwambiri kuposa wanu, owala bwinobwino tsiku logula. Inu mukudziwa kuti yanu ndi yolimba, mwina ili ndi chiphaso cha VeraSol chotsimikiza kuti inayesedwa ndipo ndi yabwino, ili ndi walanti, koma wogula akuona ziwiri zonse zikuwala ndipo ina ndi theka la mtengo. Afunseni mavendawo kuti pa tsiku la msika zimatuluka zingati, ambiri amanena ukawagula kanthu. Nambala imeneyo ikuuzani kuti anthu ofuna kuwala ndipo ali ndi kandalama alipo angati, komanso mtengo umene anazolowera. Funsaninso kwa a khonsolo kapena kwa a komiti ya chitukuko ya ADC ngati pali bungwe limene likukonza zogawa nyale kapena kuika sola m'dera lanulo. Ku Ntchisi kwa Kasakula a bungwe la SolarAid anaika sola pafupifupi khomo lililonse, anthu n'kumalipira pang'onopang'ono. Kwa anthu a kumeneko ndi nkhani yabwino zedi, koma wogulitsa nyale za kashi atapita kumeneko ndi masamu a kalembera wa 2018 akhoza kulira.

Ndiye pali ichi chimene chimapweteka chaka chachiwiri. Nyale si sopo kapena mchere woti munthu abweranso mwezi wa mawa. Nyale yabwino imakhala zaka ziwiri, zitatu, ina kuposa. Amene wagula watuluka mu msika. Ngati onse 3,600 atakhala makasitomala anu, zimene sizingatheke, ndipo aliyense n'kumagula ina pakatha zaka zitatu, ndi nyale 1,200 pa chaka basi. Ena adzagula yachiwiri ya kukhitchini kapena ya ana, zoona, koma enanso akalawa kuwala amadumphira ku sola yaikulu ya mababu atatu ndi wailesi, imene inu simugulitsa. Kukula kwanu kudzachokera kotsegula misika ina, Waliranji, kenako mwina kulowera ku Kasungu kapena Lilongwe ya kumidzi, ndipo kulikonse mukabwereza ntchito yomweyi ya makomo 100 ndi nyale 50.

Tsopano ikani 10,000 zija pambali pa 500 mpaka 1,000 pa chaka. Ndi katundu wa zaka khumi kapena kuposa. Ndipo nyale ya sola si malata oti angokhala, mkati mwake muli batire, ikakhala m'katoni miyezi yambirimbiri osatchajidwa imatsika mphamvu mpaka ina osadzukanso, makamaka mu shopu yotentha ya malata mu Okutobala. Mudzayamba kutulutsa makatoni kukayanika pa dzuwa ngati mphale, uku chiwongoladzanja chikuyenda mwezi ndi mwezi, uku kwabwera mtundu watsopano wowala kuposa wanu. Kutsitsa mtengo kumene akukulonjezaniko kudzathera momwemo.

Ine nditakhala inu ndikanamuuza munthuyo kuti anditumizire katoni imodzi kapena ziwiri kaye, ndipo ndikanamufunsa kuti oda yaing'ono kwambiri imene angalole ndi zingati komanso katundu amatenga masabata angati kuti afike. Yankho lachiwirili ndi lofunika kuposa mtengo, chifukwa ngati amafika pa masabata asanu ndi limodzi mukhoza kuoda 300 mu Malichi zoti zipeze ndalama ya soya, n'kuonjezera zina mu Meyi mukaona mmene zikuyendera, ndi zina zochepa za masheya a Disembala. Akakana n'kumati 10,000 kapena ayi, muuzeni kuti mumuimbira mu Ogasiti mukatseka kope la midzi itatu ija. Kopelo mukadzalidzaza munditumizire manambala ake sabata ndi sabata, makamaka ndikufuna ndidzaone amene anagula sabata yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi kuti anali ndani.